Mafunso Atatu Amene Kompyuta Imafunsa Isanakhale Yanu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10. Makompyuta ambiri akale, monga malaputopu a kaunjika amene adzaza m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo mwathu, sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Nchifukwa chake anthu ochuluka akupita nawo kwa okonza kuti akawafomate, ena kuikamo Windows mwatsopano, ena kusamukira ku Linux. Ntchito yoika pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ndi yongodikira nthawi yambiri: makinawo amakopera okha mafayilo, inu mukumwa tiyi. Koma pali pamene imaima n'kufunsa mafunso atatu. Kompyutayi izitchedwa dzina lanji? Pasiwedi ya woyang'anira ikhale yotani? Nanga munthu woyamba kuigwiritsa ntchito ndani?

Pamenepa ndi pamene wokonza wothamangira kasitomala wina amangolemba `user`, kenako `1234`, n'kudina kuti zipitirire. Kompyutayo idzayaka ndithu, ndipo mwini wake adzapita kwawo akusangalala. Koma mayankho atatuwa ndi amene amanena kuti pa makinawo wolamula ndani, ndipo lina mwa iwo ndi lovuta kulisintha pambuyo pake. Ine maganizo anga ndi akuti mafunsowa aziyankhidwa ndi mwini kompyuta, atakhala yekha pampando, zala zake zili pa kiyibodi. Kuti atero ayenera kumva chimene akufunsidwa.

Titenge Debian ngati chitsanzo chathu. Ndi mtundu wa Linux umene Ian Murdock anauyamba mu 1993, ndipo Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, inamangidwa pamwamba pake. Ndasankha Debian chifukwa imafunsa mafunso onse atatu poyera, limodzilimodzi, pamene Ubuntu ndi Windows zimayankha zina mwa izo mwakachetechete m'malo mwanu. Tiyerekeze kuti ndinu mlembi pa ofesi ya kagulu ka alimi, dzina lanu ndinu Chimwemwe, ndipo ofesiyo yagula malaputopu awiri a kaunjika ndi pulinta imodzi.

Yambani ndi kiyibodi

Funso la kiyibodi limabwera mafunso athu atatu aja asanafike, ndipo anthu amalidumpha ngati lopanda pake. Komatu mavuto ambiri a pasiwedi amayambira apa. Kompyuta sidziwa zimene zalembedwa pamwamba pa mabatani. Imangodziwa kuti batani lakutilakuti ladinidwa, ndipo imalimasulira motsatira kiyibodi imene mwaiuza kuti muli nayo. Pa kiyibodi ya ku America, mukagwira Shift n'kudina 2 mumapeza @. Pa ya ku Britain, kudina komweko kumatulutsa chizindikiro chotsegulira mawu ogwidwa, ndipo Shift ndi 3 zimatulutsa £ m'malo mwa #. Ya ku Germany imasinthanitsa Y ndi Z. Malaputopu a kaunjika amachokera kulikonse, choncho yang'anani batani la 2 ndi la 3 musanasankhe. Mukaona £ pamwamba pa 3, sankhani `British English`. Mukaona # pa 3 ndi @ pa 2, sankhani `American English`.

Mukalakwitsa apa, mudzalemba pasiwedi yokhala ndi @ pamene kompyuta yalandira chizindikiro china, ndipo popeza pa sikirini pamangooneka timadontho, simudzadziwa. Mudzailemba kawiri mofanana ndipo idzavomerezedwa. Vuto lidzatulukira tsiku limene wina adzakonze kiyibodiyo kuti igwirizane ndi mabatani: pasiwedi yomwe mukuikumbukira bwinobwino idzayamba kukanidwa.

Dzina la kompyuta

Debian ikamaliza kuyesa netiweki imafunsa `Hostname`, ndipo m'bokosimo imakhala italembamo kale `debian`, kapena dzina limene rauta yaipatsa. Ili ndi dzina limene makinawo amadziwika nalo kwa makina anzake. Rauta ya pa ofesi imalilemba pamndandanda wa zida zimene zalumikizidwa. Mukafuna kutenga fayilo pa kompyuta ina, dzina limeneli ndi limene mumafufuza. Limaonekanso nthawi zonse pa teminolo, zenera lija lolemberamo malamulo, motere:

```
chimwemwe@ofesi-1:~$
```

Kumanzere kwa @ kuli munthu, kumanja kuli kompyuta. Amene amakonza makina angapo ali pampando umodzi amadalira mzere umenewu kuti asafufute zinthu pa kompyuta yolakwika.

Malamulo a dzinali ndi akale, anakhazikitsidwa m'zikalata za intaneti za mu 1985 ndi 1989, ndipo ndi ochepa. Muloledwa zilembo kuyambira a mpaka z, manambala, ndi kamzere kolumikizira. Kamzereko kasakhale koyambirira kapena komalizira. Mpata pakati pa mawu suloledwa. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisiyanitsidwa pa netiweki, ndiye ingolembani zazing'ono. Kwa ife olankhula Chichewa pali zina ziwiri zoti tikumbukire: chilembo cha ŵ sichiloledwa, ndiponso kachizindikiro kamene timaika m'mawu ngati ng'ombe. Sukulu yotchedwa Ching'ombe ingolemba `chingombe`. Malire a kutalika ndi zilembo 63, koma musafike kumeneko. Windows imadula maina a makompyuta pa zilembo 15 pa netiweki ya m'nyumba, choncho ngati makinawo adzakhale limodzi ndi a Windows, dzina lisapitirire pamenepo.

Tsono pa ofesi ya alimi ija, bwanji osangosiya `debian`? Chifukwa malaputopu ndi awiri. Onse akatchedwa `debian`, netiweki idzakhala ndi makina awiri oyankha dzina limodzi. Pulogalamu imene imalengeza maina pa netiweki ya m'nyumba, yotchedwa Avahi, ikaona mkanganowu imapatsa imodzi dzina la `debian-2`, ndipo imene ilandire dzinali ndi imene yayaka mochedwa tsiku limenelo. Lero mwatumiza lipoti ku kompyuta ya msungichuma, mawa dzina lomwelo likuloza ku ina. Mankhwala ake ndi osavuta: `ofesi-1` ndi `ofesi-2`, n'kulemba mainawo pa kapepala komata pansi pa laputopu iliyonse.

Ndikulangizani kuti musatchule kompyuta dzina la munthu. Ubuntu imachita zimenezi yokha: imatenga dzina lanu n'kuliphatikiza ndi mtundu wa makina, kuti ikupangireni dzina lalitali lonena kuti iyi ndi laputopu yakutiyakuti ya Chimwemwe. Mukalumikiza laputopuyo pa netiweki ya pa hotela kapena pa koleji, dzina limeneli limaperekedwa kwa rauta ya kumeneko, ndipo woyang'anira netiwekiyo amadziwa dzina lanu ndi katundu amene mwanyamula. Komanso anthu amasintha ntchito. Chimwemwe akachoka, wolowa m'malo mwake adzakhala zaka akugwira ntchito pa makina otchedwa dzina la munthu amene sanamuonepo.

Likangotha funsoli pamabwera lina lakuti `Domain name`. Kunyumba kapena pa ofesi yaing'ono lisiyeni lopanda kanthu. Limagwira ntchito pamene bungwe lili ndi netiweki yake yaikulu, ndipo kumeneko woyang'anira netiweki ndiye adzakuuzani cholemba.

Mwa mafunso atatuwa, dzina la kompyuta ndi lomwe lili losavuta kusintha. Limasungidwa m'mafayilo awiri, `/etc/hostname` ndi `/etc/hosts`, ndipo kulakwitsa kofala ndi kusintha loyamba lokha.

```
sudo hostnamectl set-hostname ofesi-2
sudo nano /etc/hosts
```

Lamulo loyamba limasintha dzina. Lachiwiri limatsegula fayilo ina ija, mmene muyenera kupeza mzere woyamba ndi `127.0.1.1` n'kufufuta dzina lakale, kulembapo latsopano. Mukaiwala, kompyuta idzayamba kudandaula kuti `sudo: unable to resolve host ofesi-2`, ndipo malamulo ena adzayamba kuchedwa chifukwa makinawo akufunafuna dzina lawo lomwe.

Bokosi limene mungalisiye lopanda kanthu

Tafika pa funso lolemera. Pansi pa mutu wakuti `Set up users and passwords`, Debian imafunsa `Root password`. Pa Linux iliyonse pali akaunti yotchedwa `root`, nambala yake ndi 0, ndipo palibe chimene imakanizidwa. Imawerenga mafayilo a munthu aliyense, imaika ndi kuchotsa mapulogalamu, imasintha mapasiwedi a ena, ndipo ikalamula kuti zonse zifufutidwe, nthawi zambiri makinawo safunsa kawiri. Akaunti wamba ili ngati kiyi wa chipinda chanu, pamene `root` ndi mkoko wa makiyi a nyumba yonse, kuphatikizapo a mosungira katundu. Munthu sayenda ndi mkoko wonsewo m'thumba tsiku lililonse.

Apa pali njira ziwiri, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti akusankha, chifukwa mawu ofotokoza zimenezi pa sikirini sawawerenga.

Njira yoyamba ndi kulemba pasiwedi m'bokosimo. Mukatero `root` imakhala akaunti yotseguka yokhala ndi pasiwedi yakeyake, ndipo akaunti yanu yoyamba imakhala wamba, yopanda mphamvu yoyang'anira. Kuti muike pulogalamu pa teminolo muyenera kuyamba mwasanduka `root` polemba `su -` ndi pasiwedi ya `root`.

Njira yachiwiri ndi kusiya bokosilo lopanda kanthu n'kudina `Continue`. Izi sizitanthauza kuti `root` ikhala yopanda pasiwedi, yoti aliyense alowemo, monga ena amaopera. Debian imaitseka akauntiyo kuti munthu asalowemo ndi pasiwedi iliyonse, kenako imaika akaunti yanu yoyamba m'gulu lotchedwa `sudo`. Wa m'gulu limeneli akafuna kuchita ntchito ya woyang'anira amalemba `sudo` patsogolo pa lamulo, amapereka pasiwedi yake yomwe ija, ndipo mphamvuzo zimagwira pa lamulo limodzi lokhalo. Kompyuta imakumbukira kwa mphindi 15 kuti mwatsimikiza, kuti musamalembe pasiwedi pa mzere uliwonse. Umu ndi mmene Ubuntu ndi Linux Mint zimachitira osakufunsani, ndipo nchifukwa chake poika zimenezo simuona funso la `root`.

Tiyeni tione zimene zimachitika kwa Chimwemwe atasankha njira yoyamba mosadziwa. Waona bokosi, walidzaza, poti bokosi lopanda kanthu limaoneka ngati ntchito yosatha. Kompyuta yayaka bwino. Tsiku lotsatira akufuna kuika pulogalamu yoonera mavidiyo, ndipo malangizo amene wapeza akuti alembe `sudo apt install vlc`. Walemba, wapereka pasiwedi yake, ndipo yankho ndi ili:

```
chimwemwe is not in the sudoers file.
```

Nthawi zina yankho limakhala lakuti lamulo la `sudo` palibe, chifukwa pa njira yoyamba Debian sikakamizika kuliika. Ambiri akafika apa amaganiza kuti makina aonongeka ndipo amawabwezera kokafomatanso. Palibe chaonongeka. Kompyutayo ikungochita zimene inauzidwa. Kukonza kwake ndi mizere itatu:

```
su -
apt install sudo
usermod -aG sudo chimwemwe
```

Pa mzere woyamba pasiwedi yofunika ndi ya `root`, osati ya Chimwemwe. Kamzere kamene kamatsatira `su` musakasiye: popanda iko kompyuta siyang'ana m'foda mmene muli malamulo a woyang'anira, ndipo idzakuuzani kuti `usermod` palibe pamene ilipo. Pa mzere wachitatu samalani ndi chilembo cha `a`. Chimatanthauza kuti gulu latsopanoli liwonjezedwe pa magulu amene munthuyo ali kale. Mukachisiya, amachotsedwa m'magulu ena onse aja. Mukamaliza tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso, kapena zimitsani n'kuyatsanso, chifukwa magulu amawerengedwa pa nthawi yolowa. Kenako lembani `groups`. Mukaona mawu akuti `sudo` pamndandandawo, zatheka.

Nanga njira yabwino ndi iti? Pa kompyuta ya kunyumba, ya mwana wasukulu, kapena ya ofesi yaing'ono ngati yathuyi, ine ndimati siyani bokosilo lopanda kanthu. Pasiwedi imene munthu amailemba kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi imaiwalika, ndipo pasiwedi ya `root` ndi yotero. Komanso oyang'anira akakhala awiri, njira ya `sudo` imalola aliyense kugwiritsa ntchito pasiwedi yake, ndipo makinawo amalemba kuti lamulo lakutilakuti analamula ndani. Mmodzi akasiya ntchito mumangomuchotsa m'gulu. Pa njira ina ija mumayenera kusintha pasiwedi ya `root` n'kuuzanso onse otsala.

Koma njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwiratu. Debian ikalephera kuyaka bwino, mwina chifukwa disiki ina imene inalembedwa kuti izitsegulidwa poyaka yasowa, imagwera mu mkhalidwe wangozi mmene imafuna pasiwedi ya `root`. Akauntiyo ikakhala yotseka mumalandira uthenga wakuti `the root account is locked`, ndipo simungakonze chilichonse pamenepo. Potero mumafunika fulashi ija munaikira Debian, imene ili ndi gawo lopulumutsira lotchedwa `Rescue mode`. Choncho fulashiyo musaifufute kuti muikemo nyimbo, isungeni m'kabati. Mtengo wina ndi wakuti pasiwedi yanu ya tsiku ndi tsiku yasanduka pasiwedi ya woyang'anira. Aliyense amene mwamuuza kuti alowe angolemba kalata, mwamupatsa makina onse.

Inuyo ndinu yani

Funso lachitatu limabwera m'zigawo zitatu. Choyamba ndi `Full name for the new user`. Ili ndi dzina longoonetsa pa sikirini yolowera, ndipo mapulogalamu ena amalitenga ngati dzina la mlembi wa zikalata. Apa lembani dzina lanu mmene mumalilembera, ndi mipata yake, ndi zilembo zazikulu. Lingasinthidwe nthawi iliyonse.

Chachiwiri, `Username for your account`, ndi chosiyana. Debian imatenga dzina lanu loyamba n'kulilemba m'zilembo zazing'ono, ndipo nthawi zambiri zimenezo n'zokwanira. Liyenera kuyamba ndi chilembo chaching'ono, lisakhale ndi mpata, ndipo amene maina awo ali ngati Ng'oma kapena Mang'anda asiye kachizindikiro kaja. Maina ena, monga `root` ndi `admin`, ndi osungidwira makinawo ndipo adzakanidwa. Dzina limeneli ndi limene limapangidwa foda yanu, `/home/chimwemwe`, mmene mudzakhale zikalata zanu, zithunzi, makalata ndi zokonda za mapulogalamu onse. Mapulogalamu ambiri amalemba njira yonse ya fodayi m'mafayilo awo. Nchifukwa chake kusintha dzinali pakapita chaka kumavuta: simungalisinthe muli mkati mwa akauntiyo, ndipo mukalisintha, zinthu zina zimapitiriza kufunafuna foda yakale. Ili ndi yankho loti muganize kaye musanadine.

Akaunti yoyambayi imapatsidwa nambala 1000, yachiwiri 1001, motero basi. Kompyuta imazindikira mwini fayilo ndi nambala, osati dzina. Izi zimaoneka mukatenga disiki yakunja yofomatidwa mwa Linux kuchoka pa `ofesi-1` kupita pa `ofesi-2`. Ngati Chimwemwe ndi woyamba pa imodzi koma wachiwiri pa inayo, makina achiwiriwo adzaona mafayilo ake ngati a munthu wina, ndipo angamukanize kuwasintha. Pa ofesi ya makompyuta angapo ndi chanzeru kupanga maakaunti motsatana mofanana pa makina onse.

Pa ofesi pali chiyeso chopanga akaunti imodzi yotchedwa `ofesi` yoti onse azilowera. Chipeweni. Akaunti yoyamba ikhale ya munthu amene adzasamale makinawo, ndipo ena apangireni zawo mukamaliza, pa gawo la `Users` kapena ndi lamulo la `sudo adduser mphatso`. Akaunti yopangidwa motero ndi wamba: mwini wake amalemba, amasindikiza, amalowa pa intaneti, koma sangachotse pulogalamu kapena kufufuta mafayilo a mnzake. N'chimodzimodzi kunyumba. Mwana apatsidwe akaunti yake, ndipo akadzatsegula chinthu choipa, kuonongeka kwake kudzathera m'foda yake.

Pasiwedi yeniyeniyo

Makinawo sasunga pasiwedi yanu mmene munailembera. Amaipukusa ndi masamu osabwerera m'mbuyo n'kusunga zotsatira zake mu `/etc/shadow`. Mukamalowa, zimene mwalemba zimapukusidwanso n'kuyerekezedwa. Choncho palibe katswiri amene angakuwerengereni pasiwedi yoiwalika. Angathe kungoikapo ina. Wofuna kuthyola amayenera kuyesa imodziimodzi, ndipo amayamba ndi zodziwikiratu: `1234`, dzina la mwini, chaka chobadwa, nambala ya foni, dzina la timu ya mpira. Wa pa ofesi pomwepo sachita kufunika makina othyolera, amakudziwani kale.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kutalika ndi kusalosereka. Manambala anayi ali ndi njira 10,000 zokha. Zilembo zazing'ono 8 zosankhidwa mwachisawawa zili ndi njira pafupifupi 209 biliyoni, koma ndani angazikumbukire? Mawu asanu otoledwa mwachisawawa pa mndandanda wa mawu 2,000 amaposa zimenezo maulendo oposa 150,000, ndipo amakhala m'mutu mosavuta. Tengani buku la Chichewa, tsegulani tsamba lililonse, lozani ndi chala osayang'ana, lembani liwu limene mwapeza, chitani choncho kasanu. Mudzapeza zinthu ngati `chitseko mbalame utsi nsapato lachisanu`. Imeneyi musaitenge, yasindikizidwa kale; pangani yanu. Mwambi wodziwika kapena vesi la m'Baibulo si zabwino, chifukwa munthu akangomva mawu awiri oyamba amamaliza yekha. Pasiwedi ya mawu okhaokha ili ndi ubwino winanso: ilibe @, # kapena ŵ, choncho vuto la kiyibodi ya ku America ndi ya ku Britain siliikhudza.

Polemba, chongani kabokosi ka `Show Password in Clear` kuti muone zimene zikulowa, ndipo onani ngati nyali ya Caps Lock yayaka. Pa malaputopu ena ang'onoang'ono Num Lock ikayaka, zilembo za kudzanja lamanja monga U, I ndi O zimatulutsa manambala. Wokonza ayang'ane kumbali pa nthawiyi, ndipo wokonza wabwino amatero asanauzidwe. Dziwaninso kuti pa teminolo, `sudo` ya Debian ikafunsa pasiwedi siionetsa ngakhale kadontho. Kiyibodi sinafe; lembani mpaka kumapeto, dinani Enter.

Kodi nkoyenera kuilemba papepala? Inde, malinga pepalalo lisakhale pansi pa kiyibodi kapena lomatidwa pa sikirini. Pa ofesi ya alimi ija, pasiwedi ya woyang'anira ilembedwe, iikidwe mu envulopu yomata, isungidwe mmene mumasungidwa mabuku a ndalama, ndipo wapampando adziwe kuti ili mmenemo. Mlembi angadwale kapena kusamuka mwadzidzidzi, koma kaundula wa alimi adzafunikabe.

Ubuntu ndi Linux Mint zimafunsanso ngati mukufuna kuti kompyuta izilowa yokha ikayaka, osafunsa pasiwedi. Pa laputopu yoyenda nayo kanani. Kulowa kodzichitikira kumapereka makalata anu ndi masamba onse amene munalowamo kwa aliyense wodina batani loyatsira. Kumachititsanso kuti muiwale pasiwedi, poti simuilemba, mpaka tsiku limene idzafunike poika pulogalamu.

Pali malire amene ndiyenera kunena mosabisa. Pasiwedi yolowera imatchinga mnzanu wa pa ofesi ndi mwana wa kunyumba, koma sitchinga wakuba amene laputopu ili m'manja mwake. Iye angayatse makinawo ndi fulashi yake, kapena kuchotsa disiki n'kuilumikiza kwina, n'kuwerenga zonse osafunsidwa kanthu. Chotchinga zimenezo ndi kubisa disiki yonse ndi masamu, ndipo Debian imapereka mwayiwu mafunso athu akangotha, pa gawo logawa disiki, pa mzere wakuti `Guided - use entire disk and set up encrypted LVM`. Apo mumapanga pasiwedi ina imene imafunsidwa makina asanayake. Imeneyo ikaiwalika palibe fulashi kapena katswiri amene angabweze mafayilo anu. Ngati laputopu imanyamula maina a anthu, manambala awo ndi ndalama zawo, isankheni njirayi, ndipo pasiwedi yake ilowe mu envulopu ija tsiku lomwelo.

Kwa amene akuika Windows 11

Mafunso ndi omwewo, angovala zina. Dzina la kompyuta lisapitirire zilembo 15, ndipo mukalidumpha Windows imapanga lake loyamba ndi `DESKTOP-` lotsatiridwa ndi zilembo zosamveka. Funso la pasiwedi ya woyang'anira palibe, chifukwa akaunti yoyamba ndiyo imakhala woyang'anira, ndipo akaunti ya makinawo yotchedwa `Administrator` imakhala yotseka, monga njira yachiwiri ya Debian ija.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Windows 11 imafuna kuti mulowe ndi akaunti ya Microsoft, ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa kwambiri anthu opita kwa okonza. Mwini kompyuta akakhala palibe, kapena waiwala imelo yake, wokonza amangolowa ndi akaunti yake kuti ntchito ithe. Pa makompyuta ambiri amakono Windows imabisa disiki yokha ndi BitLocker, ndipo kiyi yopulumutsira, ya manambala 48, imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowa poyamba. Tsiku lina makinawo akadzasinthidwa chida cham'kati, kapena zokonzera zake zoyakira zikadzasintha, adzaonetsa sikirini ya buluu yofuna kiyiyo. Kiyiyo idzakhala mu akaunti ya munthu amene mwina anatseka shopu yake kalekale, ndipo popanda iyo mafayilo anu satsegulika.

Choncho popita kokaikitsa Windows kapena Linux, nyamulani pepala lolembapo dzina la kompyuta, dzina lanu lolowera, ndipo ngati ndi Windows, imelo ya akaunti yanu ya Microsoft ndi foni imene imalandira manambala otsimikizira. Muuzeni wokonzayo kuti akafika pa mafunsowa akuitaneni. Musanalipire, zimitsani makinawo, ayatseni, lowani nokha ndi pasiwedi yanu, ndipo pa Linux lembani `sudo -v` pa teminolo. Ikalandira pasiwedi yanu n'kubwerera mwakachetechete, ndinu woyang'anira. Ikakana, musanyamule kompyutayo mpaka zitakonzedwa inu muli pomwepo.